Musanatsitse mtengo wa nsomba, werengani miulu kaye

Amene mumachita geni ya nsomba zouma kuno ku Luangwa mukudziwa kuti mtengo sukhalitsa pamodzi. Mabwato akabwera odzaza kuchokera tsidya la Zumbo, nsomba zimachuluka pamsika, ndipo mnzanu wa tebulo loyandikana nalo amayamba kutchula mtengo wotsika. Makasitomala akayamba kukupitirirani, mtima umati nanunso tsitsani. Nthawi zina kutsitsako n'koyenera, nthawi zina ndi kudya mpamba osadziwa. Kuti musiyanitse ziwirizi pafunika manambala awiri okha. Yoyamba ndi chiwerengero cha miulu imene muyenera kugulitsa pamwezi kuti mubweze zonse zimene mwawononga, osapindula komanso osaluza. Ana athu ophunzira za maakaunti amati buleki-iveni, koma ife tiziti mlingo wobwezera. Yachiwiri ndi kutalika kwa pakati pa mlingo umenewo ndi miulu imene mukugulitsadi, ndiye mpata wotetezeka. Manambala awiri onsewa amasuntha mtengo ukangosintha, ndipo amasuntha kwambiri kuposa mmene maso amaonera.

Chofunika ndi kope la sukulu, cholembera, ndi kalikyuleta ya pafoni. Ngati muli ndi zolemba za mwezi wathawu, ntchito yonse ndi ya ola limodzi madzulo. Ngati simulemba, yambani mawa, ndipo muyembekeze mwezi umodzi wathunthu musanakhulupirire mayankho anu, chifukwa zokumbukira za m'mutu zimakonda kuiwala tindalama ta mchere ndi ta onyamula katundu.

Titenge chitsanzo cha mayi amene amaoda nsomba za pende padoko ku Feira, n'kuziumitsa, n'kukazigulitsa m'miulu pamsika wa pa mlatho wa Luangwa, pomwe mabasi a pakati pa Lusaka ndi Chipata amaima. Kuchoka paboma kukafika pamenepo ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 90. Mitengo imene ndiike pano ndi yophunzirira chabe, yosankhidwa kuti masamu asavute. Inu mufufute n'kuikapo yanu.

Tsegulani kope, mujambule mzere wotsika pakati pa tsamba. Kumanzere lembani zonse zimene zimatuluka chifukwa choti mwagulitsa mulu umodzi. Mayi wathuyu amaika nsomba 6 pamulu, ndipo iliyonse amaoda pa K4, kutanthauza K24. Mchere ndi nkhuni zoumitsira zimadya K3 pamulu. Wagalimoto amalipiritsa pa dengu lililonse, ndipo akagawa ndalamayo ndi miulu ya m'dengumo zimakwana K2. Pulasitiki yokulungira ndi K1. Zonse pamodzi ndi K30. Ndalama imeneyi imayenda ndi mulu: akagulitsa miulu yambiri imachuluka, akapanda kugulitsa siituluka.

Kumanja lembani zimene mumalipira pamwezi ngakhale malonda atakhala kuti sanayende. Kwa mayiyu, lendi ya kachipinda kosungira katundu ndi K600, msonkho wa pamsika ukaphatikizidwa mwezi wonse ndi K200, mtsikana womuthandiza pa tebulo amalandira K1,000, ndipo maulendo ake iye mwini opita kudoko ndi kubwerera pamodzi ndi ndalama za foni zimakwana K600. Zonse ndi K2,400. Onani kuti mayendedwe alowa mbali ziwiri. Ndalama ya dengu ili kumanzere chifukwa imachuluka ndi katundu, koma mpando wake m'galimoto uli kumanja, chifukwa amalipira chimodzimodzi kaya wanyamula madengu awiri kaya asanu. Ambiri amasokoneza pamenepa, ndipo masamu onse otsatira amapotoka. Mukakayika ndi ndalama iliyonse, dzifunseni kuti: ndikanagulitsa mulu umodzi wowonjezera, ndalama iyi ikanakwera? Ngati yankho ndi inde, ipite kumanzere.

Tsopano mtengo wogulitsira. Mayiyu amagulitsa mulu pa K50. Chotsani K30 ya kumanzere ija, patsala K20. Musaitche phindu K20 imeneyi, ayi, sinafike pokhala phindu. Ntchito yake yoyamba ndi kulipira K2,400 ya kumanja. Tiitche chotsala pamulu. Miulu yoyambirira ya mwezi yonse imagwirira ntchito mwini chipinda, akhonsolo ndi mtsikana uja, ndipo phindu limayamba pokhapokha ngongole ya kumanjayo itatha. Kuti mudziwe kuti yatha pa mulu wachingati, gawani motere:

mlingo wobwezera = zolipira zosasintha ÷ chotsala pamulu
K2,400 ÷ K20 = miulu 120

M'ndalama, miulu 120 pa K50 ndi malonda a K6,000. Mayiyu pamwezi wabwinobwino amagulitsa miulu 200, ndiye kuti K10,000. Mpata wake wotetezeka ndi 200 kuchotsa 120, miulu 80, kapena K4,000 ya malonda. Kuti muuone m'maperesenti, gawani 80 ndi miulu imene akugulitsa, 200, mupeza 40 peresenti. Tanthauzo lake ndi loti malonda akhoza kugwa ndi miulu 40 pa 100 iliyonse asanayambe kudya mpamba. Samalani apa: mugawe ndi miulu yogulitsidwa, osati ndi mlingo wobwezera. Mukagawa 80 ndi 120 mupeza 67 peresenti, nambala yokoma m'maso koma yabodza.

Phindu lake silifuna masamu ena. Miulu 80 ya mumpata ndiyo yokha yobala phindu, iliyonse K20, ndiye K1,600 pamwezi. Sungani njira yachiduleyi, idzakuthandizani kuona ngati mwalakwitsa: mpata wotetezeka kuchulukitsa ndi chotsala pamulu uyenera kufanana ndi phindu nthawi zonse. Zikasiyana, bwererani m'mbuyo, pena pake pakhota.

Mpatawu uli ngati chigawo cha bwato chimene chimaonekera pamwamba pa madzi. Bwato lodzaza kwambiri limayendabe bwino pamadzi odekha, koma kafunde kamodzi pa matsiriro a Luangwa mu Zambezi kakwanira kulimiza.

Tsono mnzake wa pafupi watsitsa, ndipo mayi wathu nayenso akuganiza zoti atsike kuchoka pa K50 kufika pa K45. M'maso ndi K5 chabe, 10 peresenti ya mtengo. Musathamangire kuchotsa 10 peresenti pa phindu n'kunena kuti zatha. Bwererani ku tsamba lija muone chimene chasintha. Asodzi akugulitsabe nsomba pa K4, mchere sunatsike, lendi ndi yomweyo. Kumanzere kudakali K30, kumanja kudakali K2,400. Ndiye kuti K5 yonseyo yachoka pa chotsala pamulu, chimene chatsika kuchoka pa K20 kufika pa K15. Mtengo wagwa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, koma chotsala chagwa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Nkhani yonse yagona pamenepa.

Werengani mwatsopano, mwa dongosolo lomwe lija, osadumpha. K2,400 kugawa ndi K15 ndi miulu 160. Mlingo wobwezera wakwera ndi miulu 40. M'ndalama, muchulukitse 160 ndi mtengo watsopano wa K45, mupeza K7,200. Pano pali msampha umene umakola anthu ambiri, ngakhale ana polemba mayeso: kuchulukitsa miulu yatsopano ndi mtengo wakale, n'kupeza K8,000. Mtengo wa K50 unapita, musaugwiritsenso ntchito pena paliponse pa tsamba latsopanoli.

Ngati akugulitsabe miulu 200 yomweyo, mpata watsika kufika pa miulu 40, ndiye 20 peresenti, ndipo m'ndalama ndi K9,000 kuchotsa K7,200, K1,800. Phindu ndi 40 kuchulukitsa ndi K15, K600 basi. Kutsitsa kwa K5 kwadula mpata pakati, ndipo phindu lachoka pa K1,600 kufika pa K600.

Mwina muti, koma amayi, munthu satsitsa mtengo kuti agulitse zofanana, amatsitsa kuti makasitomala achuluke. Zoona. Ndiye funso loyenera ndi lakuti achuluke bwanji. Onjezani phindu limene mukufuna kusunga pa zolipira za kumanja, kenaka gawani ndi chotsala chatsopano:

(K2,400 + K1,600) ÷ K15 = 266.7

Gawo la mulu siligulitsidwa, choncho kwezani nambala nthawi zonse, ikhale miulu 267. Mukaitsitsa kukhala 266 ndiye kuti simunafike. Mayiyu ayenera kugulitsa miulu 67 yowonjezera, gawo limodzi mwa magawo atatu a malonda ake akale, kuti angobwerera pomwe anali. Ndi nsomba 402 zowonjezera zoti aode, atumbule, athire mchere, aumitse, anyamule, popanda ngwee imodzi yowonjezera m'thumba.

Tiyerekeze kuti makasitomala achulukadi, wagulitsa miulu 240. Madzulo aliwonse chikwama chikuoneka chodzaza, ndipo pakutha pa mwezi malonda akwana K10,800, kuposa K10,000 yakale. Iye akhoza kumauza anzake ku chilimba kuti kutsitsa kwamuthandiza. Koma kope likunena zina. Mpata ndi 240 kuchotsa 160, miulu 80 monga kale, koma mulu uliwonse tsopano ukubweretsa K15, ndiye phindu ndi K1,200. Wagwira ntchito yochuluka, waika mpamba wochuluka, ndipo wapeza zochepa ndi K400. M'maperesenti mpata watsika kuchoka pa 40 kufika pa 33. Ichi n'chifukwa chake ine ndimakonda kuona mpata m'maperesenti osati m'miulu yokha. Miulu 80 pa malonda a 200 si chimodzimodzi ndi miulu 80 pa malonda a 240.

Chizindikiro choti zimenezi zikukuchitikirani n'chosavuta kuchiona. Katundu akutha msanga, ndalama zikudutsa zambiri m'manja, koma tsiku lopita kukaoda mukupeza kuti mpamba sukukwana ndipo mukubwereka koonjezera.

Nanga mtengo ukakwera? Pali nyengo zimene nsomba zimasowa pamsika, ndipo wokhala ndi katundu wouma bwino amatha kutchula mtengo wokwera. Tinene kuti mayiyu wakweza kufika pa K55, pomwe mtengo woodera sunasinthe. Chotsala pamulu ndi K25. Mlingo wobwezera ndi K2,400 kugawa ndi K25, miulu 96, kapena K5,280. Makasitomala ena adzathawa, zimenezo musakane. Funso ndi lomwe lija, koma motembenuza: angathawe angati iye asanayambe kupeza zochepa kuposa kale? K2,400 kuonjeza K1,600 ndi K4,000, kugawa ndi K25 ndi miulu 160. Akhoza kutaya miulu 40 n'kupezabe K1,600 yake. Akagulitsa 170, malonda ndi K9,350, ochepa kuposa akale, koma mpata ndi miulu 74, pafupifupi 44 peresenti, ndipo phindu ndi K1,850. Koma chenjerani, nsomba zikasowa pamsika kawirikawiri zasowanso padoko, ndipo asodzi nawo amakweza. Akakweza ndi K1 pa nsomba, mulu wakwera ndi K6, kumanzere kwafika pa K36, ndipo pa mtengo wa K55 chotsala ndi K19, chochepa kuposa K20 yoyamba ija. Musanasangalale ndi mtengo wokwera, onaninso mbali ya kumanzere.

Pali nambala ina imene ndikufuna muilembe kuchikuto cha kope, ndiyo mtengo wotsikitsitsa umene mungavomere. Gawani zolipira za kumanja ndi miulu imene mukuyembekeza kugulitsa, n'kuonjeza pa za kumanzere. Kwa mayiyu, K2,400 kugawa ndi 200 ndi K12, kuonjeza K30, ndi K42. Akagulitsa mwezi wonse pa K42, mpata wake ndi ziro. Pansi pa K42 akudya mpamba. Izi sizikutanthauza kuti sangagulitse mulu umodzi pa K38. Ngati ndi nsomba zomaliza zimene zayamba kufumbwa kapena kuphwanyika m'dengu, kuli bwino kulandira K38 kusiyana n'kutaya. Mtengo uliwonse woposa K30 ukuthandizako kulipira lendi. Choopsa ndi pamene mtengo wothamangitsira katundu wotsala usanduka mtengo wa tsiku ndi tsiku.

Tsopano tikambe za kutsitsa kumene sikulembedwa paliponse. Pa mlatho paja basi ikaima, anthu amatsika mothamanga, amanenerera, ndipo wogulitsa poopa kuti basi inyamuka amavomera. Mumati mtengo wanu ndi K50, koma kodi ndi angati amene amalipiradi K50? Kuti mupeze mtengo weniweni, tengani ndalama zonse za malonda a sabata imodzi, mugawe ndi miulu imene yachoka pa tebulo. Ngati miulu 50 yabweretsa K2,300, mtengo wanu ndi K46, ndipo masamu anu onse ayambire pa K46. Chotsala ndi K16, mlingo wobwezera ndi miulu 150, osati 120.

Mbasela nayo iwerengedwe. Nsomba imodzi yoponyera pamwamba pa mulu uliwonse ndi K4 yowonjezera kumanzere, ndipo chotsala chimatsika kufika pa K16, chimodzimodzi ndi kunenerera kuja. Komabe yerekezani: kutsitsa mtengo kufika pa K45 kumakudyerani K5, pomwe mbasela ikukudyerani K4 yokha, chifukwa mukuipereka pa mtengo woodera pamene kasitomala akuiona pa mtengo wogulitsira, woposa K8. Ngati muyenera kupereka kanthu kuti kasitomala asapite kwa mnzanu, ine ndingasankhe mbasela. Mbasela mukhoza kuisiya mawa mwakachetechete, koma mtengo ukatsika umavuta kuukwezanso. Chachikulu, musapereke zonse ziwiri kwa munthu mmodzi, chifukwa K45 yokhala ndi mbasela imasiya K11 yokha, ndipo mlingo wobwezera umalumpha kufika pa miulu 219, kuposa imene mayiyu amagulitsa.

Pali zolipira zina zimene zimatsika pamodzi ndi mtengo. Ngati mumatumiza katundu kwa wachibale ku Lusaka kuti akugulitsireni ku msika wa Soweto, ndipo munapangana kuti iye azitenga K10 pa K100 iliyonse ya malonda, gawo lake pa mtengo wa K50 ndi K5, koma pa K45 ndi K4.50. Pamenepo musakopere nambala yakale ya kumanzere, iwerengeninso. Chotsala chichoka pa K15 kufika pa K10.50, osati pa K10. Ana amene akukonzekera mayeso azindikirenso chimenechi, chifukwa ofunsa amakonda kubisa komishoni ya mtundu umenewu m'funso. Ndipo funso likapereka malonda m'ndalama zokha, osatchula miulu, agawe zolipira zosasintha ndi gawo la chotsala pa mtengo. Pa chitsanzo chathu choyamba gawolo ndi 20 pa 50, ndiye 0.4, ndipo K2,400 kugawa ndi 0.4 ndi K6,000. Mtengo ukatsika, gawolo likhala 15 pa 45. Nambala ya pamwamba ndi ya pansi zonse zasintha, ndipo yankho ndi K7,200, lofanana ndi limene tinapeza powerenga miulu.

Masamuwa ali ndi malire ake. Amayerekeza kuti K2,400 ya kumanja ikhala yomweyo ngakhale malonda atakula, koma kuti mayiyu afike pa miulu 267 mwina afunika ulendo wina wopita kudoko. Ulendowo ukadya K300, kumanja kwafika pa K2,700, mlingo wobwezera pa mtengo wa K45 ndi miulu 180, ndipo kuti asunge phindu la K1,600 afunika miulu 287. Afunikanso mpamba wowonjezera wa K30 pa mulu uliwonse, woposa K2,600 pa miulu 87 yowonjezerayo, asanagulitse ngakhale umodzi. Ngati ndalamayo ndi yakaloba, chiwongoladzanja chake chilowe kumanja. Masamuwa sakuuzaninso kuti makasitomala achuluka bwanji mukatsitsa. Amangokuuzani chiwerengero chimene muyenera kufika, ndipo inu amene mumakhala pa tebulo ndinu mungaweruze ngati n'chotheka. Pa mlatho ogula ambiri ndi apaulendo, ndipo mabasi sachuluka chifukwa choti nsomba zatsika mtengo. Makasitomala owonjezera mukawatenga kwa anzanu, ndipo iwo akaona nawonso atsitsa, ndiye nonse mukhala pa K45 ndi miulu yanu yakale.

Kumbukiraninso chiletso cha boma cha chaka ndi chaka, kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, pamene usodzi umaimitsidwa kuti nsomba ziswane. Ngati m'miyezi itatu imeneyi mumalipirabe lendi kuti chipinda chisatengedwe ndi wina, K1,800 imeneyo iyenera kubwezedwa ndi miyezi 9 yogulitsa. Igaweni, muonjeze K200 kumanja mwezi uliwonse. Pa mtengo wa K50 mlingo wobwezera ukhala miulu 130, pa K45 ukhala 174, ndipo mpata wa miulu 40 uja utsika kufika pa 26.

Ngati mukufunabe kuyesa mtengo watsopano, yesani kwa sabata imodzi kapena ziwiri, osati mwezi wonse. Gawani chiwerengero cha mwezi ndi masiku amene mumagulitsa. Kwa mayi wogulitsa masiku 26, miulu 200 ndi pafupifupi 8 patsiku, ndipo 267 ndi yoposa 10 patsiku. Lembani miulu yochoka pa tebulo madzulo aliwonse, ndipo musayese pa sabata ya malipiro a kumapeto kwa mwezi kapena ya tchuthi, pamene apaulendo amachuluka okha. Sabata ziwiri zikatha muli pa miulu 9 patsiku, bwererani pa K50.